Ndalama ya minibasi pafoni: zovuta zimene kondakitala watsopano amakumana nazo ndi mothetsera mwake

Ndine dalaivala pa msewu wa Limbe kupita ku Blantyre, ndipo kondakitala wanga ndi mwana wa achemwali anga. Tsiku limene anayamba kulandira ndalama pafoni silinali lokonzekera. Mayi wina anakwera pa Chichiri, titafika cha pa Ginnery Corner n'kunena kuti, "Akondakitala, ndilibe ya pamanja, ndikutumizireni pafoni." Mnyamatayo anandiyang'ana pagalasi. Ine ndinagwedeza mutu. Sabata yomweyo isanathe tinali titakangana kawiri, ndipo madzulo ena ndalama inasowa moti bwana mwini galimoto akanamva, akanatiyang'ana ndi diso lina.

Kuyambira pamenepo makondakitala anzake akhala akundifunsa zinthu zomwezomwezo pasiteji. Ndazilemba apa potsata mmene vutolo limaonekera, kuyambira chifukwa chimene chimachitikachitika mpaka chosowa. Pa zonsezi lamulo lathu ndi limodzi: ndalama yafika pokhapokha balansi ya foni yako yakwera. Foni ya wokwera si mboni.

## Musanayambe thiripi yoyamba

Mzere wa Airtel, womwe nambala zake zimayamba ndi 099 kapena 098, umalowa pa Airtel Money ndi nambala iyi:

```
*211#
```

Mzere wa TNM, wa 088, umalowa pa Mpamba ndi iyi:

```
*444#
```

Onani balansi m'mawa galimoto isanatuluke, ndipo muilembe m'kabuku. Nambala yolandirirayo muilembe ndi chekeni papepala, zilembo zikuluzikulu, pamodzi ndi dzina limene limatuluka munthu akamatumiza, n'kumata kumbuyo kwa mpando wa dalaivala. Kutchula nambala pakamwa injini ikulira, wailesi ili pamwamba, oitanira akukuwa panja, ndiye gwero la theka la mavuto ali m'munsimu.

## Wokwera akuti watumiza, koma foni yako ili zii

Ili ndiye vuto la tsiku ndi tsiku.

1. Meseji yachedwa, koma ndalama yalowa. Ndalama ndi meseji siziyenda limodzi. Ndalama imasuntha m'makina a kampani, ndipo meseji imangobwera pambuyo kudzakuuza. Madzulo anthu akamaweruka, kapena kumapeto kwa mwezi, meseji imatha kufika wokwerayo atatsika kalekale.
- Musadikire meseji. Lowani pa *211# kapena *444# muone balansi.
- Ngati yakwera ndi ndalama yeniyeniyo, nkhani yatha, musiyeni munthu atsike.

2. Wokwera sanamalize kutumiza. Ambiri amalemba nambala ndi ndalama, kenaka galimoto igunda bampu, foni n'kuchoka pa tsamba lija asanaike pini. Ena amachedwa kuyankha mpaka nthawi yatha. Iwo amakhulupirira ndi mtima wonse kuti atumiza.
- Apempheni aone ngati alandira meseji yotsimikiza kuti ndalama yachoka.
- Ngati palibe, aone balansi yawo. Ikakhala momwe inalili, ayambirenso.
- Asabwereze asanaone balansi, chifukwa akalipira kawiri mlandu wobweza ukhala wanu.

3. Ndalama yawo sinakwane. Munthu ali ndi K1,500 yeniyeni pafoni, ulendo ndi K1,500, koma waiwala kuti kampani imadula yotumizira. Makina amakana, ndipo meseji yokanayo ena amaiwerenga ngati yovomera, makamaka ikabwera m'Chingerezi. Atumize imene ingatheke, yotsalayo awonjezere ya pamanja.

4. Yapita kwa munthu wina. Onani pa meseji yawo nambala ndi dzina la wolandira. Ngati si lanu, mwapepesa nawo, koma ulendo sunalipiridwe. Ndalamayo aitsate okha poimbira kampani yawo mwamsanga, wolandirayo asanaichotse. Inu musaimbire munthu wachilendoyo.

5. Foni yako yadzadza mameseji. Izi zimachitika pa mafoni a mabatani. Kachizindikiro ka envelopu kamaphethira pamwamba. Fufutani mameseji akale, koma a ndalama za tsikulo muwasunge mpaka mutawerengera ndi bwana.

Mwana wa achemwali uja anataya nthawi yambiri pa vutoli chifukwa ankayamba kutolera ndalama mochedwa, monga anazolowera ndi ya pamanja. Wa pamanja ukhoza kumulandira phazi limodzi lili kale pansi. Wa pafoni ayi. Tsopano akangotseka chitseko amafunsa kuti, "Alipo a pafoni? Yambani pano." Munthu wokwera ku Limbe amakhala atamaliza tisanafike pa Maselema, ndipo ngati pali chovuta timakhala ndi msewu wonse wokonzera, osati kuima pa Queens anthu 13 akudandaula kuti achedwa ku ntchito.

## Meseji yabwera, koma balansi sinasinthe

Apa samalani, chifukwa apa ndi pamene pali akuba.

1. Meseji yabodza. Munthu amatenga meseji yakale yeniyeni, amasintha ndalama ndi tsiku, n'kukutumizira kuchokera pa nambala yake. Foni imalira, iwe uona mawu ozolowereka ndi K1,500, n'kubweza foni m'thumba. Kondakitala wanga anagwa m'mbuna imeneyi tsiku lachitatu. Mnyamata wovala bwino, chikwama cha laputopu pamiyendo, anamuuza kuti, "Yalowatu bigi, taonani." Inalowadi, koma meseji yokha.
- Onani kumene meseji yachokera. Yeniyeni imabwera ndi dzina la kampani pamwamba, ndipo imagwera pa mndandanda womwewo wa mameseji ena a ndalama. Yabodza imabwera payokha, ndi nambala ya munthu.
- Ena amachenjera: amakubwereka foni kuti "ndilembe ndekha nambala", n'kusunga nambala yawo pansi pa dzina la kampani. Foni yolandirira ndalama isachoke m'manja mwanu.
- Choweruza chenicheni ndi balansi. Meseji imapekedwa, balansi siipekedwa.

2. Akukuonetsa chithunzi kapena meseji yakale pafoni yawo. Mwina analipiradi dzulo m'minibasi yomweyi. Werengani tsiku ndi nthawi. Meseji iliyonse imakhalanso ndi nambala yaitali yozindikiritsa malipirowo, ndipo nambalayo sibwera kawiri.

3. Waiwala balansi yakale. Izi si kuba, ndi mutu chabe. Anthu atatu akalipira motsatizana, sungakumbuke ngati panali K7,500 kapena K9,000. N'chifukwa chake aliyense wolipira pafoni timamulemba m'kabuku: nthawi, ndalama, ndi manambala atatu omalizira a foni yake.

Mukamugwira wa meseji yabodza musamenye, musamulande foni. Muuzeni modekha kuti, "Achimwene, kuno sinafike, tipatseni ya pamanja." Ambiri amatulutsa pomwepo, poopa manyazi pamaso pa anthu. Akachita makani, dalaivala aime pamene pali apolisi. Pasiteji anthu sachedwa kuunjikana, ndipo K1,500 ikhoza kusanduka mlandu wovulaza munthu.

## Foni ikukana kutsegula *211# kapena *444#

1. Mwaimba ndi mzere wolakwika. Pa foni ya mizere iwiri, *211# imafuna mzere wa Airtel, *444# wa TNM. Foni ikasankha yokha mzere winawo, imakana. Pa mafoni ambiri mumaona mawu awa:

```
Connection problem or invalid MMI code
```

Imbaninso, musankhe mzere woyenera.

2. Netiweki yafooka pamalopo. Mawu omwewo amatulukanso galimoto ikamadutsa malo otsika kapena pakati pa nyumba zazitali. Dikirani siteji yotsatira. Mukayendayenda msewu umodzi mumawadziwa malo amene foni imagontha, ndipo simuyambira pamenepo.

3. Kuimba koyamba kuja sikunatsekeke. Mukasiya pakati n'kuimbanso nthawi yomweyo, foni imatha kukakamira. Dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri. Ikapitiriza, zimitsani n'kuyatsanso.

4. Makina a kampani aima. Mudziwa chifukwa okwera onse a mzere womwewo akulephera, ndipo ma ejenti a pasiteji angokhala manja m'masaya. Palibe chimene mungakonze. Lengezani anthu asanakwere kuti lero ndi ya pamanja yokha.

Kumbukirani kuti manambala awiriwa safuna bandulo ya intaneti. Wokwera akati "data yandithera", muuzeni asiye apu, aimbe nambalayo. Ndipo foni yako ikazima chifukwa cha batire, ndalama imalowabe, kungoti sungaione. Chaja ya pagalimoto ndi yotchipa kuyerekeza ndi kukhulupirira anthu 14 pa mawu okha.

## Madzulo ndalama sikukwana

Gawo ili ndilo linatsala pang'ono kutichotsetsa ntchito, ndiye ndilifotokoza lonse mmene linayendera.

Linali Lachisanu la sabata yoyamba ija. Tsikulo tinkalipiritsa K1,500. Titaimika galimoto, mnyamata anakhuthula thumba pampando n'kuyamba kuwerenga. Anawerenga kawiri. Thukuta linayamba kutsika ngakhale kunali kachisisira.

"Amalume, ndalama yaperewera."

"Zingati?"

"Sindikudziwa bwino. Koma yaperewera."

Yankho limenelo ndi limene linandikwiyitsa, osati kuperewerako. Tinakhala pansi ndi kabuku. M'mawa foni inali ndi K3,200, yake ya iye mwini. Olipira pafoni analembedwa 9: anthu 7 a K1,500, ndiye K10,500, bambo wina analipirira ndi akazi ake K3,000, ndipo mayi wina anatumiza K5,000 n'kulandira chenje cha K3,500 pamanja. Zonse pamodzi K18,500. Kuphatikiza ya m'mawa ija, foni inayenera kuonetsa K21,700. Inaonetsa K17,200. Panasowa K4,500.

Tinatsata meseji imodziimodzi. Ina inali yochokera pa nambala ya munthu, yabodza yachiwiri sabata imeneyo: K1,500. Ina inali yeniyeni ndithu, koma munthuyo anatumiza K500 m'malo mwa K1,500, ndipo kondakitala anangomva foni kulira osawerenga: K1,000. Yotsala K2,000 inandipatsa chizungulire mpaka mnyamatayo anayang'ana pansi.

"Ndinagula mayunitsi masana. Ndimaganiza kuti ndikugwiritsa yanga ija."

Pamenepa sanalakwe kwenikweni, popeza K3,200 inalidi yake. Koma atasakaniza, iye mwini sanathenso kusiyanitsa. Ndiye chenicheni chimene galimoto inataya chinali K2,500. Pamwamba pake, thumba la pamanja linkaoneka lopepuka ndi K3,500 ya chenje cha mayi uja, ndalama imene sinabedwe koma inangosamukira pafoni. Bwana akanangowerenga thumba lokha, akanati tadya.

Zifukwa zake, kuyambira chofala:

1. Ndalama ya galimoto yasakanizika ndi ya kondakitala. Mayunitsi, bandulo, magetsi akunyumba, mlongo wapempha ya ndiwo, zonse zimachoka pamalo amodzi. Pezani mzere wina wa ntchito yokha. Ngati simungathe, m'mawa balansi ilembedwe dalaivala akuona, ndipo tsiku lonse pasachoke kanthu.

2. Chenje chaperekedwa pamanja pa ndalama ya pafoni. Munthu amatumiza K5,000 dala kuti apeze ya pamanja osadulidwa yochotsera. Wakusandutsa ejenti wopanda malipiro, watenga tindalama tating'ono timene umabwezera ena, ndipo yochotsera uilipira ndiwe madzulo. Ife tinaletsa. Wa pafoni atumize yeniyeni.

3. Ndalama yochepa yalandiridwa osawerenga. Kulira kwa foni sikunena kuchuluka kwa ndalama. K500 ndi K1,500 zimalira mofanana.

4. Yochotsera sinawerengedwe. Ndalama ikachoka pafoni kupita m'manja, kampani imadula. Mitengo yake imapachikidwa pa ma ejenti, ndipo imayenda m'magulu potengera kuchuluka kwa ndalama. Kuchotsa pang'onopang'ono thiripi iliyonse kumadya kwambiri kusiyana ndi kuchotsa kamodzi madzulo. Gwirizanani ndi bwana kuti yochotsera ili pa ndani, musanakangane. Kupempha wokwera kuti "muonjezere yochotsera" pa ulendo wa K1,500 ine sindigwirizana nako, kumangoyambitsa phokoso. Njira yabwino ndi kusaichotsa konse: malo ambiri omwetsera mafuta amalandira pafoni, ndipo bwana naye angalandire gawo la tageti pafoni pomwepo.

## Wina waimba kuti "ndatumiza molakwika, bwezani"

Nambala yako ikamatidwa m'minibasi, anthu mazanamazana amaiona. Ena amaijambula.

1. Ndi wakuba. Amayamba ndi meseji yabodza ya ndalama yambiri, kenaka foni yodandaula: ndi ya kuchipatala, ndi ya maliro, chonde bwezani msanga. Onani balansi. Ngati sinakwere, dulani foni.

2. Ndi wokwera amene walipiradi kawiri. Mameseji awiri enieni aoneka, manambala ozindikiritsa osiyana, ndipo balansi ikugwirizana nawo. Bwezani ku nambala yomweyo imene ndalama inachokera, osati ina imene akutchula, ndipo mulembe m'kabuku.

3. Ndi mlendo amene walakwitsadi nambala. Ndalama ilipo, si yanu. Musaidye, komanso musathamangire kubweza nokha. Muuzeni aimbire kampani kuti ibweze mwa njira yake. Mukabweza inu, kampaninso n'kubweza, mwaluza kawiri.

Pali enanso amene amaimba ngati ogwira ntchito kukampani, akuti akaunti yanu itsekedwa mukapanda kutsatira zimene akuuzani kudina. Wogwira ntchito weniweni safunsa pini. Aliyense wokuuzani kuti mulembe manambala pafoni iye ali pa mzere, akukuyendetsani kuti mumutumizire ndalama ndi chala chanu.

## Ejenti akuti "ndilibe kashi"

Madzulo ma ejenti ang'onoang'ono amakhala atapereka ndalama yawo yonse. Pitani kwa wamkulu wa pafupi ndi msika, kapena chotsani kusanade. Werengani ndalama muli pomwepo, ndipo pini muilembe nokha, foni mutaitembenuzira kwa inu.

## Pini ikukanidwa

Kawirikawiri ndi chala chabe, galimoto ikugwedezeka, kapena mwaika pini ya mzere winawo. Ikakana kawiri, lekani. Mukapitiriza kulota, akaunti imatsekeka, ndipo ndalama ya bwana imagona m'menemo pamene iye akuidikira pageti.

Apa mpamene ambiri amatulukira vuto lina lalikulu: mzere analembetsa ndi chitupa cha munthu wina. Kuyambira 2018 mizere ya foni m'Malawi imalembetsedwa ndi chitupa cha unzika, ndipo anyamata ambiri akuyendera mzere wolembedwa dzina la amayi awo kapena la mnzawo amene anapita ku Joni. Kampani imathandiza mwini dzina. Komanso wokwera akaona dzina la mzimayi likutuluka pamene akulipira mnyamata, amakayika n'kusiya. Mzere wa ntchito ukhale m'dzina la kondakitala, la dalaivala kapena la bwana, munthu amene angapite yekha ku ofesi ndi chitupa chake.

## Pamene muyenera kusiya n'kupita kwa eni ake

Pitani ku shopu ya kampani ndi chitupa chanu, kapena imbani nambala yawo yothandiza makasitomala yomwe yalembedwa pa zikwangwani za ma ejenti, osati imene wina wakutumizirani pa meseji, ngati:
- akaunti yatsekeka chifukwa cha pini;
- ndalama yachoka kwa wokwera, meseji yake ndi yeniyeni ndipo nambala ndi yanu, koma kwa inu sinafike; tengani nambala yozindikiritsa ija, nthawi, ndi nambala ya foni ya wokwerayo asanatsike;
- foni yatayika kapena yabedwa: tsekani mzere tsiku lomwelo;
- mzere wanu wafa mwadzidzidzi pamene a anzanu a kampani yomweyo akugwira, chifukwa mwina wina wautenga pa khadi lina;
- mwaona ndalama yachoka imene inu simunatumize.

Ku polisi pitani ngati mwaberedwa ndalama, ndipo mameseji musafufute, ndiwo umboni. Okonza mafoni a mumsika angakukonzereni batire ndi galasi, koma za akaunti alibe nazo mphamvu. Musanawasiyire foni chotsani khadi.

K2,500 yotayika ija tinaibweza mogawana pakati, ine ndi mnyamatayo, bwana asanamve. Lolemba lake anabwera ndi kafoni ka mabatani kogula pa kaunjika ku Limbe, kali ndi mzere wakewake, atakamangirira chingwe m'khosi ngati wezulo ya woimbira mpira. Gogo wina atamaliza kutumiza anamuonetsa foni yake monyadira, "Taona mwanawe, zatheka." Iye anati, "Zikomo agogo, dikirani ndione kuno." Anadinadina, n'kulemba m'kabuku, kenaka anamenya denga kawiri kuti ndiime pa Ginnery Corner.